Lendi Kapena Puloti? Werengani Miyezi Yolipira Pawiri

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale m'dera la Mfumu Yaikulu Chowe ku Mangochi anandilembera mwezi watha. Iye ndi bambo a kunyumba akhala pa lendi zaka zisanu, ndipo tsopano wina akuwatsatsa puloti pafupi ndi msewu wochokera pa Mangochi boma kukwera mapiri kupita ku Namwera. Bambowo akufuna agule lero lomwe, poti ndalama ya lendi ndi yotaya. Mayiwo akuopa kuti adzangokhala ndi chipupa chopanda denga ngati zimene amaziona m'mbali mwa msewu. Andifunsa kuti wolondola ndani.

Mayi, onse awiri mukunena zoona, koma pali chinthu chimodzi chimene simunachitchule. Munthu akagula puloti sasiya kulipira lendi tsiku lomwelo. Amalipirabe mwininyumba mwezi ndi mwezi, kwinaku akugula njerwa ndi simenti, kufikira tsiku limene adzanyamule mphasa ndi miphika kukalowa m'nyumba yake. Miyezi imeneyi ya kulipira pawiri ndiyo imasonyeza ngati kumanga kukupindulitsani kapena kukusaukitsani. Choncho musanafunse mtengo wa puloti, werengani kuti miyeziyo idzakhala ingati.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Manambala amene ndikuikawa ndi ongoyerekezera, inu muikepo anu enieni. Tinene kuti lendi yanu ndi K60,000 pa mwezi, ndipo mukachotsa chakhumi ndi zopereka, chakudya, fizi ndi lendiyo, mumatsala ndi K90,000. Puloti akuti K1,500,000. Nyumba imene bambo akuilota, ya zipinda zogona zinayi, tinene kuti ingadye K20,000,000. Zonse pamodzi ndi K21,500,000, ndipo pa K90,000 pa mwezi mudzalowamo patatha pafupifupi zaka 20. Zaka zonsezo lendi ikutulukabe.

Tsopano pa puloti yomweyo muyambe ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, ka malata, kokhala ndi chimbudzi, bafa ndi khitchini panja, ka K6,000,000. Pamodzi ndi puloti ndi K7,500,000, ndiye kuti zaka 7. Mukalowamo, K60,000 ija ya lendi yabwerera m'thumba lanu, ndipo tsopano mukumanga ndi K150,000 pa mwezi. K14,000,000 yotsala kuti nyumba ifike pa zipinda zinayi mudzaimaliza m'zaka pafupifupi 8. Nyumba yomweyo imene ikanatenga zaka 20 yatha m'zaka 15, malipiro anu osasintha, kungoti mwafulumira kutuluka pa lendi. Ichi ndi chifukwa chake ndimakangana ndi amisiri amene amauza banja kuti likumbe maziko a nyumba yonse nthawi imodzi. Maziko aakulu amakondweretsa maso, koma amakwirira ndalama imene ikanagula denga. Pulani ijambulidwe yonse, inde, kuti mudziwe kumene zipinda zina zidzalumikizidwe, koma mumange mbali imodzi yokha mpaka kufolera.

Wina anena kuti masamu anga aiwala kukwera kwa mitengo. Sanaiwale, ndangokusiya padera kuti tikuone bwino. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali kusunga ndalama ya malata m'buku la banki anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama yomweyo ikugula malata ochepa. Apa bambo a kunyumba akupambana mkangano: ndalama ya nyumba isagone nthawi yaitali ili ndalama, isandulike zipangizo. Koma si chipangizo chilichonse chimene chimasungika. Malata, mafelemu achitsulo a zitseko ndi mawindo, misomali ndi waya zimadikira chaka ngakhale ziwiri ngati zili pouma ndiponso pokiyidwa. Njerwa zootcha zimadikira mukazisanja bwino ndi kuzifunditsa pamwamba. Simenti ndiye ayi. Thumba la makilogalamu 50 likakhala miyezi yoposa itatu limayamba kutha mphamvu, makamaka kuno kufupi ndi nyanja kumene mpweya umakhala ndi chinyezi. Mukapisa dzanja m'thumba n'kupeza mibulu yolimba yosafumbutuka ndi zala, simentiyo yapita. Mugule simenti sabata imene mmisiri akuyamba ntchito, osati kale.

Ine ndinalakwitsa pamenepa pomanga yanga. Ndinakweza makoma mpaka pa lintala mu Okutobala, ndalama n'kutha, malata ndilibe. Njerwa tinamangira dothi kuti tipulumutse simenti, ndipo mvula ya Januwale inalowa pamwamba pa khoma n'kusungunula dothilo. Pofika Malichi khoma la kumvuma linali litagwa theka. Ndikanayamba kugula malata ndi mitengo ya denga, kenako n'kuyamba makoma mu Meyi kapena Juni, nyumba ikanafoleredwa mvula isanagwe. Lero aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti asakweze khoma denga lake lisanafike pakhomo.

Komabe pali anthu amene lendi ikuwayenera, ndipo asachite nazo manyazi. Mayi, inu ndinu wogwira ntchito m'boma. Kalata ya transifa ikhoza kukupezani chaka chamawa kukutumizani ku Makanjira kapena ku Monkey Bay. Ngati simukuona kuti mudzakhala kwa Chowe zaka zokwanira kumaliza kanyumba kaja ndi kukhalamo, funso lisinthe: kodi nditachoka, alipo amene angalowemo n'kumandilipira zingati? Yankho lake mulipeze pofunsa anthu amene ali pa lendi pafupi ndi pulotiyo. Ngati kanyumba ka K7,500,000 kangapeze wolipira K60,000 pa mwezi, ndalama yanu idzabwerera m'zaka zoposa pang'ono 10. Ngati malowo ali kutali ndi msika, sukulu ndi chipatala, ndipo wolowamo angapereke K20,000 yokha, mudzadikira zaka zoposa 30. Pamenepo ndi bwino kukhalabe pa lendi kwa Chowe n'kumamanga kumene mudzapumire ntchito, kapena kufupi ndi boma kumene ofuna nyumba sasowa. Onjezaninso mtengo wa ulendo. Puloti yotchipa imene ikukukwezani kabaza wa njinga yamoto m'mawa ndi madzulo ikhoza kudya ndalama yoposa lendi imene mwathawa.

Nkhani imene imandisowetsa tulo kwambiri ndi ya mwini malo. Malo ambiri kwa Chowe ndi a m'manja mwa mafumu, ndipo pakati pa Ayao a kumeneko, monganso Anyanja, malo amayenda kuchikazi. Mwamuna amene akukutsatsani puloti akhoza kukhala mkamwini chabe pamudzipo, kapena mlongo mmodzi amene sanafunse alongo ake. Inu mwalipira, mwakumba maziko, kenako mwana wa mlongo wake wabwera kuchokera ku Joni n'kunena kuti munda wa amayi ake sunagulitsidwe. Mlandu wotere umatha zaka, ndipo nthawi yonseyo mukulipirabe lendi, njerwa zikumera udzu. Musapereke ndalama musanakhale pansi ndi mwini mbumba pamodzi ndi amayi a m'banjalo, nyakwawa ndi agulupu ali pomwepo. Muyende nawo malire onse, muzike zizindikiro oyandikana nawo akuona, ndipo pepala la mgwirizano lisainidwe ndi onsewo, osati wogulitsa yekha. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo pansi pa gulupu aliyense, amene angathe kupatsa munthu kapena banja satifiketi ya malo ake. Pitani ku ofesi ya za malo kwa DC ku Mangochi mukafunse ngati komiti yotere ikugwira ntchito m'mudzimo, ndiponso ngati kugulitsana kwanuko lamulo likukuvomereza, chifukwa malamulo a za malo anasinthidwanso mu 2022. Mukafunsenso ngati pulotiyo sinalowe m'malire a msewu kapena a nkhalango ya boma. Ulendo wowoloka mlatho wa pa Shire ndi wotchipa kuposa loya. Ndipo pa pepalalo palembedwe maina a nonse awiri, mayi ndi bambo. Amasiye ambiri amene ndalankhula nawo anataya nyumba chifukwa cha mzere umodzi umenewu.

Pulotiyo mukaione mu Febuluwale, osati mu Seputembala pamene paliponse pamaoneka pouma. Kumunsi, chakumtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, madzi amadikha. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndi kukwera kwa madzi a nyanja ya Malawi mu 2024 zinaonetsa anthu a ku Mangochi malo amene sayenera kumangapo. Mukaona bango, dothi lakuda long'aluka m'chilimwe, kapena mzere wa matope pa makoma a nyumba zoyandikana, dziwani kuti maziko adzakudyerani simenti yambiri ndipo chimbudzi chidzasefukira. Kumtunda m'mapiri vuto ndi lina: miyala yokumba movuta, madzi othamanga ochokera m'phiri, ndi mjigo wakutali, pamene kumanga kumamwa madzi migolo ndi migolo.

Za mmisiri, gwirizanani mtengo pa gawo lililonse, maziko padera, makoma padera, denga padera, ndipo muzilipira gawo likatha, osati pa tsiku. Muuzeni poyamba pomwe kuti pa puloti yanu ntchito imaima Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Sabata litatha. Amisiri ambiri kumeneko ndi Asilamu amene Lachisanu masana amapita ku mzikiti, choncho nkhani ya tsiku lopatulika saidabwa, koma muiwerengere pa nthawi imene ntchito idzatenge. Musamulole kudumpha pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko ndi mankhwala a chiswe. Ndipo poti Mangochi ndi kotentha, makoma akwere bwino, mawindo ayang'anizane kuti mphepo idutse, ndipo aikidwe sefa ya udzudzu musanalowe ndi ana.

Mayi, munafunsanso za ngongole ya ku banki mkhonde kuti mumalizire msanga. Ngongole imene chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, monga 10 kapena 20 peresenti, si yomangira nyumba. K1,000,000 pa 10 peresenti ikufuna K100,000 mwezi uliwonse ya chiwongoladzanja chokha, kuposa lendi ya K60,000 imene mukufuna kuithawa. Gawo lanu la kumapeto kwa chaka mukagawana, limenelo ndiye mukagulire malata. Ngati bambo avomera zipinda ziwiri zoyamba, ndipo alongo a wogulitsayo avomera kusaina, gulani pulotiyo. Ngati chimodzi mwa ziwirizi chakanika, lipirani lendi ya mwezi uno mtima uli m'malo, ndipo mufunse za puloti ina.