Ganyu wa pa intaneti kapena ntchito yolembedwa: muyese ndi mwezi wa njala

Mwana wa mlongo wanga anamaliza maphunziro a zowerengera ndalama chaka chatha. Pasanathe miyezi itatu, anapezeka ali pa mphambano: kampani ina yaing'ono inamuitana kuti akayambe ntchito pa malipiro ochepa, pamene mnzake wa ku sukulu ankamuonetsa pa foni madola 600 amene anapeza mwezi umodzi wokha pa Fiverr. Anabwera kwathu madzulo nandifunsa kuti, "Amalume, ndikadzimangirirenji pa desiki ya munthu?" Zimene ndinamuyankha ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa funso lomweli likufunsidwa ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete ndi ku Harare komwe. Ndinamuuza kuti womaliza kumene maphunziro, ntchito yolembedwa ikapezeka aitenge, ganyu wa pa intaneti akhale wa madzulo kufikira atakhwima.

Tiyambe ndi masamu, poti mnyamatayo ndi wa masamu. Tiyerekeze kuti mnzake uja, pa miyezi isanu ndi umodzi, walandira maoda motere: madola 600, kenaka 450, mwezi wachitatu palibe kanthu, wachinayi 120, wachisanu palibenso, wachisanu ndi chimodzi 330. Zonse pamodzi ndi madola 1,500. Fiverr imadula 20 peresenti pa oda iliyonse, choncho 300 apita, atsala 1,200. Tichotseponso madola 30 mwezi uliwonse a bando ya intaneti ndi zolipira potulutsa ndalama kuti zifike ku banki ya kwanu, amene ndi 180. Atsala 1,020, kutanthauza madola 170 pa mwezi. Madola 600 amene anaonetsedwa pa foni analidi oona, koma unali mwezi wokolola, ndipo palibe mlimi amene amayesa chaka chake ndi mwezi wa Meyi wokha.

Tsono tinene kuti wolembedwa ntchito naye amatenga ndalama zofanana ndi madola 170 pa mwezi. Pa pepala awiriwa ndi ofanana, koma mwini nyumba ya lendi amafuna zake pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo miyezi iwiri yopanda kanthu ija imatha kukankhira munthu kwa akatapila. Onjezani kuti pa Fiverr ndalama za wogulitsa watsopano zimadikira masiku 14 oda itatha zisanatulutsidwe. Pa Upwork, kungofunsira ntchito kumadya ma Connects, amene amagulidwa ndi ndalama, kaya mwatengedwa kaya ayi.

Palinso ndalama zimene wolembedwa ntchito saziona m'manja koma ndi zake. Ku Malawi lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5. Ku Zambia, NAPSA imatenga 5 kwa bwana ndi 5 kwa wantchito. Wolembedwa akadwala malungo sabata imodzi, malipiro ake amabwera athunthu. Waganyu akadwala sabata imodzi, oda imachedwa, kasitomala amamupatsa nyenyezi zochepa, ndipo dzina lake limatsika pa mndandanda umene makasitomala ena amasankhirapo. Magetsi nawo amamulanga chimodzimodzi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, a ku Malawi anakhala miyezi yambiri mu mdima wa maola ochuluka. Madzi atachepa ku Kariba mu 2024, a ku Zambia ena ankaona magetsi maola owerengeka okha pa tsiku. Kasitomala wa ku Toronto zimenezi sizimukhudza. Iye amangoona kuti ntchito sinafike Lachisanu.

Mbali inayo ili ndi mfundo yamphamvu, ndipo sindingaibise. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu wolandira K340,000 anagona ali ndi madola pafupifupi 288, nadzuka ali ndi 200, malipiro ake osasintha ndi tambala yomwe. Wolipidwa m'madola tsiku limenelo sanalire. Ndikudziwanso mabwana amene amalipira pa 15 mwezi wotsatira, ndi ena amene amadula penshoni koma osaipereka kumene iyenera kupita. Kukhazikika kwa ntchito yolembedwa kumadalira bwana wake, choncho musanasaine, funsani amene akugwira kale pamenepo tsiku limene malipiro amalowa.

Koma chimene chimandichititsa kupendekera ku ntchito yolembedwa ndi nkhani ya kukula. Munthu wochoka kumene ku koleji amadziwa za m'buku, ndipo amafunika wina womuuza kuti apa walakwitsa, ndi chifukwa chake. Mu ofesi, akaunti ikapanda kugwirizana ndi sitetimenti ya ku banki, wamkulu wako amakhala nawe pansi n'kukuonetsa cheke chimene chinalembedwa kawiri. Zimawawa, koma mawa sudzabwerezanso. Pa intaneti, kasitomala wosakhutira salongosola; amangopita kwa wina, iwe n'kutsala osadziwa chimene chamuthamangitsa. Komanso msika umenewo umakupatsa ntchito imene unaichita kale bwino. Ukayamba ndi kulowetsa malisiti mu QuickBooks, nyenyezi zako zonse zidzakhala za malisiti, ndipo patapita zaka zitatu udzakhala katswiri wa malisiti, ukupikisana pa mtengo ndi anthu a ku Manila ndi ku Dhaka.

Kwa owerengera ndalama pali chipata china chimene waganyu sachidutsa mosavuta. Kuti munthu akhale membala wa ACCA, kukhoza mayeso sikukwanira. Pamafunika miyezi 36 ya ntchito, yotsimikizidwa ndi katswiri amene ankaiyang'anira. Kasitomala amene unamugwirira masiku anayi sangakusainire zimenezo. Ntchito zina, monga kujambula zithunzi za malonda kapena kulemba mapulogalamu a kompyuta, chipata chotere zilibe, ndipo kumeneko mulu wa ntchito zimene munthu wachita umamulankhulira kuposa kalata ya bwana. Choncho musanatsatire mnzanu, yang'anani ngati ntchito yanu ili ndi chipata.

Ena adzati ndikulankhula ngati kuti ntchito zili mbwee. Zoona, ambiri amayenda ndi maenvulopu chaka chathunthu osaitanidwa. Kwa iwo ganyu wa pa intaneti ndi wabwino kuposa kukhala, ndipo ayambe lero. Langizo langa kwa iwo ndi lakuti adzilipire okha ngati bwana: ndalama zonse zilowe mu akaunti imodzi, iwo azitapamo mlingo womwewo mwezi uliwonse, mwezi wa 600 uzidyetsa mwezi wopanda kanthu. Afunenso munthu wamkulu pa ntchito yawo woti aziwaonera zimene achita, ngakhale kamodzi pa mwezi.

Mphwanga uja anaitenga ntchito ija. Tinagwirizana kuti adzaisiya zinthu zitatu zikadzakwanira: atasunga ndalama zokwanira lendi ndi chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi, mwezi wake woipitsitsa wa pa intaneti ukamalipira lendi paokha, ndiponso pasakhale kasitomala mmodzi wobweretsa zoposa theka la ndalama zake, pakuti wotereyo ndi bwana ndithu, kungoti wopanda penshoni ndi notisi. Ndinamuuzanso kuti awerenge kontrakiti yake, chifukwa makampani ena amaletsa ntchito zapambali, ndipo asagwire maoda pa kompyuta ya ku ofesi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakali pano wakwanitsa chimodzi mwa zitatuzo, ndipo miyezi yake 36 ikuwerengedwa.