Ku Chibavi timalankhula china, papepala china

Ku Hong Kong anthu amalankhula Chikantoni, koma kusukulu ndi m'makalata a boma amalemba Chitchaina chotsatira Chimandarini. Nyuzipepa ya Apple Daily, yomwe idatsekedwa mu 2021, inkakonda kulemba momwe anthu amalankhulira.

Kuno ku Chibavi si zachilendo izi. Pamsika ndi Chitumbuka, koma chichotsereni chilankhulochi m'sukulu mu 1968, zapapepala zimayenda m'Chichewa kapena m'Chingerezi.

Ndiye pa WhatsApp lembani "nkhwiza" mwa ufulu. Pa mayeso a MANEB ndi "ndikubwera" basi, apo ayi malikisi apita.

Povuta ndi kwa ife atolankhani. Mayi wogulitsa matimati akanena kuti "suzgo ni maji", tizilemba momwemo, kenako n'kufotokoza kuti akudandaula za vuto la madzi. Tikangowasinthira m'Chichewa m'kati mwa mitengero, tawaika m'kamwa mawu omwe sadanene.