Yankho lamoto, malikisi atatu

Pali mtundu wa yankho umene umavutitsa mphunzitsi wa Sosho kuposa pepala lopanda kanthu. Pepala lopanda kanthu ungolemba ziro n'kupitirira. Koma lija lodzaza masamba awiri, lolembedwa ndi mtima wonse, limene iwe mwini ukugwirizana nalo, limakuimitsa bolopeni yofiira m'malere.

Pokonzekera mayeso a MSCE pasukulu pathu kuno ku Machinga, tinafunsa a Fomu 4 kuti afotokoze, ndi zitsanzo, ngati boma likuteteza ufulu wokhala ndi moyo wa anthu achialubino. Malikisi anali 10: awiri potchula ufuluwo ndi pamene unalembedwa, asanu ndi limodzi pa mfundo zitatu zokhala ndi umboni, awiri pa chigamulo chochokera mu umboniwo. Mtsikana wina, wanzeru ndithu, anayankha kuti anzathuwa akuphedwa ngati nkhuku, boma langopinda manja, apolisi amadya nawo, ndipo dziko lonse lichite manyazi. Mawu amenewa anawabwereza m'njira zosiyanasiyana mpaka pepala linatha.

Pochonga yankho lotere ndimadula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene munthu wina angathe kukafufuza n'kupeza kuti n'choona kapena n'chabodza: ndani, kuti, liti, chinachitika n'chiyani. M'masamba awiri aja sindinapeze podula. Analandira likisi limodzi potchula ufulu wokhala ndi moyo, koma lachiwiri linamuphonya chifukwa sananene kuti uli mu ndime 16 ya malamulo aakulu a dziko lino. Limodzi linabwera pa mfundo ya apolisi, imene anaitchula osaitsimikiza, ndipo lina pa chigamulo chomveka koma chopanda poimira. Onse pamodzi atatu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti umboni unali pakhomo pake. MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22, anali wa boma lomwe lino. Anasowa m'mwezi wa Malichi 2018 ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Mu Epulo 2022 bwalo lalikulu la milandu, pamaso pa woweruza Dorothy NyaKaunda Kamanga, linapeza anthu 12 olakwa. Mwa iwo munali mbale wake weniweni wa malemuyo, wapolisi, wachipatala, ndi wansembe wa Katolika, Thomas Muhosha, amene mu Juni chaka chomwecho anagamulidwa zaka 30. Anthu asanu anapatsidwa ukaidi wa moyo wonse.

Taonani zimene mlandu umodziwu ukanachita ndi yankho lake. Mawu akuti apolisi amadya nawo akanasiya kukhala mphekesera ya pamjigo, chifukwa wapolisi mmodzi anapezekadi wolakwa, ngakhale kuti mmodzi si onse. Mawu akuti boma langopinda manja akanagwa, poti anthu anamangidwa n'kuweruzidwa, komanso mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango pa milandu yokhudza ziwalo za anthu. Koma m'malo mwake akanatola mfundo yakuthwa kuposa ija: malamulo anakhwimitsidwa mu 2016, Masambuka n'kuphedwabe mu 2018, ndipo abale ake anadikira zaka zinayi kuti amve chigamulo. Pamenepo mkwiyo womwe uja ukanamupatsa malikisi asanu ndi atatu kapena kuposa.

Aphunzitsi anzanga ena amati ndimaumira, mwana wanena zoona, bwanji osamuwonjezera. Ndimawafunsa kuti, mwana wina akanalemba masamba awiri otamanda boma kuti likuchita zonse, osatchula mlandu kapena lamulo lililonse, mukanamupatsa angati? Akati atatu, ndiye kuti mtsikanayu alandirenso atatu. Akamupatsa asanu ndi limodzi, achonga maganizo awo omwe. Palinso ena, makamaka oopa ndale, amene amadula malikisi poona mwana akudzudzula boma. Nawonso alakwa mofanana.

Sindikunena kuti umboni ndi zaka ndi manambala okha. M'masukulu ambiri oyendera buku limodzi amalimbirana ana angapo, ndipo nyuzi sifika. Mwana akalemba kuti wansembe wina anamangidwa pa mlandu wa mnyamata wa ku Machinga, chaka waiwala, ndimamupatsa malikisi onse awiri, chifukwa nkhaniyo ingafufuzidwe. Zimene anamva pawailesi n'zololedwa, zimene anaona yekha n'zololedwanso, monga mnzake wachialubino amene makolo anamuletsa kuyenda yekha popita kusukulu. Chimene sindilola ndi "anthu amati", makamaka akatchula wamalonda wakuti pamsika kuti analemera ndi mafupa a anthu. Apo sipabwera likisi, ndipo mwanayo ndimamuitana pambali, chifukwa mphekesera zotere zawotchetsapo nyumba za anthu.

M'mbali mwa pepala la mtsikana uja sindinalembe kuti walakwa. Pa chiganizo cha apolisi ndinalemba kuti "wapolisi uti?", pa cha boma "nanga lamulo la 2016?", ndipo ndinamuuza kuti alembenso yankholo m'tsamba limodzi lokha.