Biti yathyokera m'chitsulo cha ngolo

Amalume,

Ndine bambo wa zaka 26 ndipo timalima fodya kuno kwa Santhe. Ndidabwereka dirilo kwa apongozi anga kuti ndikonze ngolo yotutira mabelo. Ndili mkati moboola chitsulo chomangirapo matabwa, biti ya mamilimita 6 idathyoka, nsonga n'kutsalira m'bowo. Nditayesa kuboola pomwepo ndi biti ina, nayonso idabuntha. Mayi a kunyumba akuti ndikaulule. Nditani?

Wodandaula, Kasungu.

Zikomo mphwanga,

Choyamba, siya kuboola pamenepo. Biti ndi yolimba kuposa chitsulo cha ngolocho, choncho biti inzake singaidye, imangoterereka n'kukulitsa bowo. Nsongayo imatuluka poipotoza chobwerera, kumanzere, monga umasulira bauti.

Chotsa tizinyenyeswa tonse ndi kawaya, udonthezemo oyilo kapena palafini, udikire mphindi khumi. Ngati kachidutswako katulukirako pang'ono, kagwire zolimba ndi pulayazi n'kupotoza. Usagwedezere uku ndi uku, kangathyokenso m'kati.

Ngati yathyokera m'kati, yang'anitsitsa m'bowomo. Uona timipata tiwiri, ndiyo mizere ija imazungulira biti. Lowetsa msomali wowonda m'mpata uliwonse, ugwire misomali yonse iwiri ndi pulayazi pafupi penipeni ndi chitsulo, n'kupotoza pang'onopang'ono. Ukamva kuti yasuntha, onjezera oyilo. Misomali ikamangopindika, ika panchi yosongoka m'mphepete mwa mzere umodzi, ugogode mopepuka ndi hamala cha kumanzere komweko. Apa vala magalasi ndipo ana akhale patali, chifukwa biti simapindika, imasweka n'kuthethekera m'maso.

Ikakanabe, tembenukira kuseri kwa chitsulo. Biti imakonda kuthyoka ili pafupi kutulukira, ndiye mwina uona kachotupa pamene pali nsonga. Boola pamenepo ndi biti yaing'ono, usiye ikangogunda cholimba, kenako lowetsa panchi uikhomere kumene idachokera. Zonsezi zikalephereka, wowotcherera akhoza kumatapo nati pa chidutswacho n'kumasula ndi sipanala. Apo ayi, boola bowo lina masentimita awiri kuchokera pamenepo, ngolo igwire ntchito.

Ikadzathyokera m'thabwa, ntchito ndi yochepa. Sema ndi tchizulo mozungulira mpaka pulayazi igwire, upotoze kumanzere, ndipo dzenjelo utseke ndi kamtengo kopaka guluu. Usaisiye momwemo, idzawononga mano a sowo tsiku lina.

Ulendo wina dirilo iime chilili, uziitulutsa pafupipafupi kuti zinyenyeswa zichoke, ndipo ufewetse dzanja biti ikamayandikira kutulukira.

Za apongozizo, mkazi wako akunena zoona. Gula mabiti awiri a saizi yomweyo, olembedwa HSS, ukapereke pamodzi ndi dirilo n'kufotokoza. Akadzazindikira okha, chaka chamawa jeke yodindira fodya ukabwereka kuti?

Amalume.