Maenvulopu a Khaki pa Desiki ya Abwana

Pa desiki ya abwana athu pali mulu wa maenvulopu a khaki. Ndi makalata ofunsira ntchito, ndipo ambiri sanatsegulidwe n'komwe. Kabati yosungira mapepala ilipo, koma muluwo suchoka pamaso. Ukalowa kukadandaula za malipiro, abwana sakalipa ayi. Amangoika dzanja pa muluwo n'kunena mofatsa kuti, "Mukudziwa inu, kunjaku kuli anthu ambiri." Basi nkhani yathera pompo, umatuluka ukuthokoza.

Ine ndatopa ndi anthu amene amatiuza kuti mantha amenewa ndi vuto la m'mutu mwathu. Akuti dzikhulupirire, phunzira luso lina, dzuka 4 koloko. Aise, mantha awa sanamere okha ngati bowa. Pali amene amawathirira, chifukwa amawapindulira, ndipo phindu lake likhoza kuwerengedwa. Tiyeni tiwerenge.

Nditangomaliza digiri ndinalowa pa kampani ina ngati intani, m'chigawo cha zowerengera ndalama. Anandikhazika pafupi ndi mayi wina amene anali atagwira pamenepo zaka zinayi, wolembedwa ntchito yokhazikika, malipiro K400,000 pamwezi. Lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ku penshoni ya wantchito, ndiye kuti kampani inkatulutsa K440,000 mwezi ndi mwezi chifukwa cha mayiwo. Ine ankandipatsa K120,000 "yoyendera", yopanda penshoni, yopanda chilichonse. Mayiwo anandiphunzitsa zonse ndi mtima umodzi: kufananitsa malisiti ndi ndalama zolowa kubanki, makasitomala ovuta kulipira, ngakhale nthawi yabwino yolowera kwa abwana. Patatha miyezi isanu anaitanidwa n'kuuzidwa kuti kampani ikusintha kayendetsedwe ka ntchito, ndipo udindo wawo watha.

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, monga linakonzedwera pambuyo pake, limati munthu wochotsedwa motero apatsidwe ndalama yomupepesa: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chimene wagwira, kwa zaka zisanu zoyambirira. Zaka zinayi ndi masabata 8, pafupifupi K800,000. Imaoneka yambiri eti? Koma pochotsa K120,000 yanga pa K440,000 ija, kampani inkatsala ndi K320,000 mwezi uliwonse. Miyezi itatu isanathe, ndalama yopepesayo inali itabwerera m'thumba mwawo. Udindo umene akuti unathawo sunapite kulikonse. Ndinaukhalira ine, pa mpando womwewo, kapu ya tiyi ya mayiwo idakali m'dirowa.

Ndinasangalala, ndisaname. Ndinaimbira mayi anga kumudzi kuti zatheka.

Pano ndili pa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yomwe ndili nayoyi ndi yachisanu. Anthu amene sanakhalepo pa kontirakiti yotere sadziwa kuti chaka chake chimayenda bwanji. Miyezi iwiri yoyamba umapuma. Mwezi wachitatu umayamba kuwerenga nkhope ya abwana ngati mlimi woyang'ana mitambo. Wachinayi sudwala, ngakhale malungo akugwire umameza mankhwala n'kukwera minibasi. Tchuthi cha pachaka, chimene lamulo limati ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu pa sabata, suchitchula n'komwe, poopa kuti ukachoka masabata atatu adzaona kuti ofesi ikuyenda popanda iwe. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse unakwera, lendi nayo inatsatira, koma mu ofesi yathu palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa kupempha kuti malipiro akwere. Tonse tinkadikira siginecha. Ndiye wina andiuze kuti mantha sapindulitsa munthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti lamulo linaona kale chinyengo chimenechi. Ndime 28 ya lamulo lomwe lija imati ngati kontirakiti ya nthawi yochepa ikugwiritsidwa ntchito kudzaza udindo wokhalitsa, wa ntchito ya masiku onse ya kampani, iwerengedwe ngati ntchito yokhazikika. Kuwerengera ndalama si ganyu wokolola chimanga kuti nyengo ikatha nayenso watha. Malinga ngati kampani ikugulitsa katundu, wina ayenera kufananitsa malisiti. Pa pepala, ine ndine wokhazikika kalekale. Koma kuti pepalalo ligwire ntchito ndiyenera kukasuma kukhoti la milandu ya za ntchito, kudikira mlandu pamene lendi siidikira, komanso kudziwika m'tauni yaing'ono ngati ino kuti ndine "wovuta uja". Abwana amadziwa kuti sindingapite. Inenso ndimadziwa kuti akudziwa.

Nanga makina? Apa ndinene zoona, chifukwa anzanga ena amakonda kunamizira kuti makina sangachite kanthu. Amachita. Chaka chatha anatibweretsera pulogalamu ya pakompyuta yofananitsa yokha ndalama zolipiridwa pafoni ndi mainivoisi. Ntchito imene inkanditengera masiku atatu kumapeto kwa mwezi, pano imatha m'mawa umodzi. Koma pulogalamuyo imadalira kuti kasitomala alembe nambala ya inivoisi molondola. Wina amalemba dzina la shopu yake, wina amalipira ndi foni ya mlamu wake, wina amaphatikiza ngongole ziwiri n'kuchotsapo yekha ndalama ya katundu amene anafika wosweka. Zonsezo makina amazilavula, ndipo amene amaimba foni, amene amadziwa kuti nambala iyi ndi ya mlamu wa uje, ndine. Masiku awiri amene anapulumutsidwa aja sindinawaone. Anadzazidwa ndi ntchito ya munthu wina amene kontirakiti yake sanaionjezere. Ndipo n'zodabwitsa kuti nkhani yoti "posachedwa zonsezi azipanga ndi makina" imamveka kwambiri mwezi wosainira. Makina asanduka envulopu ina pa mulu uja.

Ndiye akabwera a masemina aja ndi uthenga woti phunzira luso lina kuti asakuchotse, ndimafuna ndiwafunse kuti mayi aja analibe luso lanji? Ankadziwa ntchito kuposa tonse. Luso lawo ndi limene linawakwezera mtengo, ndipo mtengowo ndi umene unawachotsetsa. Mpikisano umene tilimowu si wofuna wodziwa kwambiri, ndi wofuna wotchipa. Ukhoza kuwonjezera masatifiketi asanu, koma sungatchipe kuposa mwana amene akukhala kwa makolo ake ndipo akungofuna poti alembe pa pepala kuti anagwirapo penapake.

Mwezi wathawu anandibweretsera intani. Mtsikana wanzeru, wamaliza chaka chatha, amafika ine ndisanafike. Amanditchula kuti achimwene. Lachitatu lina anandifunsa kuti ndimadziwa bwanji eni ake a ndalama zimene makina alavula. Ndili ndi kabuku kanga, momwe ndinalemba manambala a alamu, a akazi awo, a anyamata a pashopu, zaka zitatu za kuimba foni. Kanali m'dirowa, pafupi ndi kapu ija. Ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Zimangofunika kuzolowera."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mayi aja sanandibisire kanthu, ndipo ndikudziwa chimene chinawachitikira. Ine ndabisa, ndipo sindikuona kuti ndapulumuka. Ndangothandiza abwana kukhala ndi antchito awiri oopana m'malo mwa awiri okhoza kulowa limodzi mu ofesi muja kukafunsa za ndime 28. Mtsikanayo si mdani wanga, K120,000 ija sanaisankhe yekha, monga inenso sindinaisankhe.

Lolemba ndinamupatsa kabukuko. Ndinamuonetsanso masamu onse ndalemba apawa, kuyambira K440,000 mpaka miyezi itatu, kenako ndinamuuza za mwini wake wa kapu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti kontirakiti yanga ikutha liti. Ndinamuuza kuti pa 30 mwezi wamawa.