Makina Amva Molakwa, Wasaina Ndani?

Inu akuluakulu a zipatala za ku Joni amene mwapatsa madokotala pulogalamu yolemba zimene munthu akulankhula, mukuti ntchito yafulumira. Tavomera. Koma amawerenga zolembedwazo ndani zisanalowe mu faelo ya wodwala? Ali ndi mphindi zingati? Akudziwa mankhwala, kapena amangodziwa masipelo?

Tiyerekeze mayi wa ku Mangochi wokhala ku Mayfair, amene ali pa ma ARV ndipo impso zake zayamba kufooka. Dokotala wamuchotsa pa piritsi limodzi lija, ndipo akutchula mankhwala payekhapayekha: abacavir, dolutegravir, kenaka lamivudine 150 mg. Pakompyuta patuluka lamotrigine 150 mg. Sipelo ndi yolondola, choncho palibe mzere wofiira pansi pake. Muyezo nawonso sukudabwitsa, poti odwala khunyu ena amamwadi 150 mg. Koma lamotrigine amayambira pa 25 mg n'kumakwera pang'onopang'ono, chifukwa kuyambira pamwamba kungabweretse zilonda zoopsa zosupula khungu. Pamenepo mayiyo watayanso mankhwala amodzi mwa atatu opondereza kachilombo.

Cholakwacho chimagwidwa ndi munthu wofunsa kuti: khunyu latchulidwa pati m'faelo muno? Nanga mankhwala a khunyu akutani pakati pa ma ARV awiri? Kodi munthu wofunsa zimenezi munamulemba ntchito? Kapena munamuchotsa tsiku limene munagula pulogalamuyo?

Musatiuze kuti makina amakono salakwa kwambiri. Kafukufuku amene anatuluka mu JAMA Network Open mu 2018 anaunika malipoti 217 a ku America. Makina okha analakwa mawu oposa 7 pa 100 alionse. Munthu wolemba atakonza, zolakwa zinatsika kufika pa mawu 4 pa 1,000. Kumeneko ndi ku America. Kuno dokotala wakulira m'Chizulu, wina m'Chiafirikanzi, wina ndi wathu amene lilime lake silisiyanitsa l ndi r. Munayesa pulogalamuyo pa malilime amenewa? M'wodi yaphokoso, pakamwa pali masiki? Zotsatira zake zili kuti?

Manambala ndiye oopsa koposa. M'Chingerezi 15 ndi 50 zimasiyana kumchira kokha, ndipo mchirawo umamezedwa munthu akatopa. Mayunitsi 50 a insulini m'malo mwa 15 angathe kukomola munthu usiku womwewo. Mwalamula kuti dokotala azitchula nambala imodziimodzi, 1 kenaka 5? Kuti azitchula nthenda pamodzi ndi mankhwala ake?

Ndipo wokonza asamalote. Akakayikira aike chizindikiro, amvetserenso mawu ojambulidwa, akapanda kumva bwino afunse dokotala. Tsono mawuwo mumawasunga masiku angati? Mukawafufuta dokotala akangosaina, tsiku limene HPCSA idzafunse ngati analakwa ndi pakamwa kapena makina, mudzaimvetsera chiyani?