Za Malonda: Kodi Mpando Ugulitsidwe pa Mtengo Wanji?

Amisiri ambiri, poika mtengo wa chinthu, amawerengera ndalama zimene awononga ndi kuonjezapo phindu. Njirayi imaoneka yolongosoka, koma funso nlakuti: kodi phindulo alionjeze pa ndalama ziti?

Tiyerekeze kalipentala wopanga mipando. Mpando uliwonse umadya K20,000 pa matabwa, misomali, guluu, vanishi ndi waganyu. Ndalama zimenezi zimakwera kapena kutsika molingana ndi kuchuluka kwa mipando. Palinso K300,000 pamwezi ya lendi, mlonda ndi kutha kwa zida, imene sisintha ngakhale iye apange mpando umodzi wokha. Akamapanga mipando 60, mpando uliwonse umasenza K5,000 ya ndalama zosasinthazo, ndipo zonse pamodzi zimakwana K25,000. Akaonjeza 20 pa 100 iliyonse, mtengo ukhala K30,000. Mnzake woyang'ana K20,000 yokha ija angafikenso pa K30,000 poonjeza 50 pa 100 iliyonse.

Kusiyana kumaoneka malonda akazilala. Tinene kuti m'miyezi yanjala agulitsa mipando 30 yokha. Tsopano mpando uliwonse usenza K10,000, zonse pamodzi zifika K30,000, ndipo masamu ake amuuza kuti agulitse pa K36,000. Taonani, awerengi, munthu akukweza mtengo pamene ogula athawa! Mwezi wotsatira agulitsa yochepa koposa, masamuwo namuuza kuti akwezenso. Munthu yemweyu adzakananso sukulu yofuna mipando 40 pa K23,000, nati ndi kuluza, chikhalirecho mpando uliwonse ukadasiya K3,000, ndiye kuti K120,000 yothandiza pa lendi, m'mwezi umene macheka ali phee.

Ine ndikuona kuti njira yachiwiri ndiyo imanena zoona, popeza imaonetsa chimene mpando uliwonse ukusiya. Pa K30,000 umasiya K10,000, motero mipando 30 ndiyo ilipira lendi ndi mlonda, ndipo phindu liyambira pa mpando wa 31. Komabe nayo ili ndi mbuna yake. Wina, pozolowera 20 pa 100, angaionjeze pa K20,000 nagulitsa pa K24,000. Mipando 60 isiya K240,000 chabe, ndipo mwezi uliwonse aperewera K60,000, ngakhale pakhomo pali piringupiringu wa ogula. Chizindikiro chake nchakuti ntchito ikuchuluka koma lendi ikulipidwa ndi ngongole. Ndiponso mtengo wapadera wa sukulu uja ukamveka, makasitomala akale adzaufuna, ndipo mipando 60 pa K23,000 siingakwanitse K300,000.

Njira zonse ziwirizi sizifunsa wogula. Ngati kalipentala wa tsidya la msewu agulitsa mpando wofanana pa K27,000, masamu a K30,000 sakakamiza munthu kugula. Apo mmisiri ayenera kuwerengera cham'mbuyo: K27,000 isiya K7,000, ndipo pafunika mipando 43 kuti ndalama zosasintha zikwane.